Funso Likaduka Panjira, Yankho Lolakwika Limatuluka Bwanji Molimba Mtima?

Mafunso ambiri masiku ano amatipeza pafoni, ndipo foni imadula mawu. Mayunitsi amatha munthu ali m'kati molankhula, netiweki imathawa, chala chimadina potumizira chiganizo chisanathe. Uthenga wamba wa pafoni umalandira zilembo 160 zokha. Ukatalika kuposa apo umagawidwa m'zidutswa zimene foni ya wolandira imalumikiza, ndipo nthawi zina chidutswa chomaliza chimachedwa kapena kusowa. Kuti nkhaniyi ioneke bwino, tiyerekeze kuti namwino wina ali kuntchito usiku, ndiye walandira uthenga uwu kuchokera kwa mng'ono wake amene ali kumudzi: "Achemwali, mwana watentha thupi kuyambira masana. M'nyumba muno muli panado wamadzi ndi LA wotsala uja. Ndimupatse bwanji? Ali ndi". Uthenga wathera pomwepo.

Nanga vuto lili pati? Funso lenileni si lafika kale?

Likuoneka ngati lafika, ndipo msampha wake ndi umenewo. Mawu oti "ndimupatse bwanji?" alipo, mayina a mankhwala alipo, chizindikiro cha matenda chilipo. Namwino akudziwanso banjalo. Akudziwa kuti kuli mnyamata wa zaka 3 amene amadwaladwala malungo, ndiye maganizo ake athamangira kwa iyeyo. Amuyerekeza kuti amalemera makilogalamu 14, ayerekezanso kuti botolo la panado ndi lija lofala la mamiligalamu 120 pa mamililita 5 alionse.

Kuchokera apo masamu ake ayenda bwinobwino. Mwana amapatsidwa panado wa mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye wa makilogalamu 14 amafunika pakati pa mamiligalamu 140 ndi 210. Mamililita 7.5 a botolo lija ali ndi mamiligalamu 180, amene ali m'kati mwa mlingowo. Namwino akuyankha kuti, "Mupatse mamililita 7.5, osapitirira kanayi pa tsiku. LA usamupatse asanayezedwe magazi, mawa upite naye." Palibe nambala yolakwika m'yankholi. Aliyense woliyang'ana angalivomereze.

Koma m'nyumba momwemo mulinso khanda la masabata 6, lolemera makilogalamu 4.5, ndipo mawu amene anaduka anali akuti "ali ndi masabata 6, sakuyamwa bwino". Kwa khandali, mamiligalamu 180 aja ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, pafupifupi katatu mlingo wapamwamba. Akapatsidwa kanayi pa tsiku afika pa 160, pamene malire a tsiku lonse ndi pafupifupi 60. Panado wochuluka chonchi amaononga chiwindi. Ndipo choopsa kwambiri si mlingowo ayi. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi siligonekedwa kudikira mawa, limathamangitsidwa kuchipatala usiku womwewo, chifukwa matenda olowa m'magazi amalifooketsa m'maola ochepa. Yankho lija linali lolondola kwa mwana amene sanafunsidwe.

Kodi namwinoyu sanaone kuti uthenga waduka?

N'kutheka kuti maso ake anaona, koma mutu wake unali utamaliza kale chiganizo. Ubongo wa munthu sudikira kuti mawu athe. Umalosera zimene zikubwera, ndipo pamene pali mpata umaikapo chimene umayembekezera, mwini wake osamva kuti waikapo kanthu.

Mu 1970, katswiri wina wa za maganizo a anthu ku America, Richard Warren, anaonetsa zimenezi m'njira yosavuta kumva. Anajambula chiganizo pa tepi, kenako anachotsa kamvekero kamodzi pakati pa liwu lina n'kuikapo phokoso la munthu akutsokomola. Mwa anthu 20 amene anamvetsera, 19 ananena kuti palibe chimene chikusowa. Chifuwa anachimva ndithu, koma kamvekero kochotsedwa kaja anakamvanso, ndipo sanathe kuloza molondola pamene chifuwacho chinagwera. Chimene chimandikhudza pa kafukufukuyu n'chakuti anthuwo sananene kuti "ndikuganiza kuti mawuwo anali akuti". Iwo anali otsimikiza kuti amva ndi makutu awo.

Kuwerenga uthenga woduka kumayendanso chimodzimodzi. Namwino sakumbukira kuti anasankha mnyamata wa zaka 3 pakati pa ana awiri. Chimene akukumbukira n'chakuti mng'ono wake wafunsa za mnyamatayo. Chongoganizira chasakanikirana ndi cholembedwa, ndipo m'mutu mulibe chizindikiro chosiyanitsa ziwirizi. N'chifukwa chake munthu sangakayikire chimene waganizira: sakudziwa n'komwe kuti wachiganizira.

Koma kulimba mtima kukuchokera kuti? Munthu wosowa mfundo si ndiye ayenera kukayika?

Zikanayenera kutero, koma sizitero. Kutsimikiza kumene timamva m'mtima sikuyeza kuchuluka kwa zimene tikudziwa. Kumayeza mmene nkhani imene tapanga m'mutu ikugwirizanirana. Daniel Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anaifotokoza bwino mfundoyi m'buku lake la mu 2011 lotchedwa Thinking, Fast and Slow: maganizo amamanga nkhani ndi zimene ali nazo pamaso, ndipo zimene palibe saziwerengera.

Ndiye pamabwera chinthu chodabwitsa. Mfundo zikachepa, nkhani imagwirizana mosavuta, chifukwa palibe chotsutsana nayo. Mu 1996, Lyle Brenner, Derek Koehler ndi Amos Tversky anapatsa anthu nkhani za milandu kuti alosere mmene oweruza angaigamulire. Ena anamva mbali ya wodandaula yokha, ena mbali ya woimbidwa mlandu yokha, ena anamva mbali zonse ziwiri. Amene anamva mbali imodzi ankadziwa bwino kuti amva mbali imodzi. Komabe anapendekera ku mbali imene anamvayo, ndipo anali otsimikiza kwambiri pa zimene analosera kuposa amene anamva zonse. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu akudziwa mmene nkhani imamvekera yosavuta wodandaula akangomaliza kulankhula, winayo asanatsegule pakamwa.

Uthenga wa mng'ono uja ukanafika wonse, mawu oti "sakuyamwa bwino" akanaimitsa namwino. Popeza sanafike, zonse zotsala zinaloza kumodzi: mwana, kutentha thupi, LA m'nyumba, malungo. Mfundo imene ikanabweretsa chikayiko ndi yomwe inaduka.

Palinso china. Masamu olondola amawonjezera kulimba mtima. Munthu akachulukitsa 14 ndi 15 n'kupeza 210, n'kuyang'ananso n'kupezabe 210, amamva kuti wafufuza ntchito yake. Wafufuzadi, koma wafufuza kuchulukitsako. Nambala 14 yoyambirayo sanaifunse kumene yachokera.

Nthawi zambiri kuganizira kumakhoza. Kodi si nzeru kutenga chimene chimachitika kawirikawiri?

Mpata ukakhala umodzi, mwina. Koma funso loduka silisiya mpata umodzi. M'nkhani yathuyi namwino anaganizira zinthu zitatu: mwana wake ndi uti, botolo ndi la mphamvu yanji, ndiponso kuti palibe chizindikiro choopsa. Tingoyerekeza kuti pa chilichonse amakhoza maulendo 8 pa 10, komwe n'kukhoza kwabwino. Kuti yankho likhale lolondola, zitatu zonse ziyenera kukhoza pamodzi: 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 kuchulukitsanso ndi 0.8, zimene zikutipatsa 0.512. Ndiye kuti pa maulendo awiri alionse, pafupifupi ulendo umodzi yankho lili ndi vuto. Koma m'mtima mwake namwino sakumva theka. Akumva 8 pa 10 kapena kuposa, chifukwa chilichonse payekha chikuoneka chanzeru.

Taonani botolo lokha. Panado wamadzi aliponso wa mamiligalamu 250 pa mamililita 5, wa ana okulirapo. Ngati m'nyumba muli ameneyo, mamililita 7.5 aja ali ndi mamiligalamu 375. Ngakhale mwanayo akanakhaladi mnyamata wa makilogalamu 14, akanalandira pafupifupi 27 pa kilogalamu iliyonse, pafupifupi kawiri mlingo wapamwamba. LA nayenso amatsata kulemera kwa thupi: mwana wa makilogalamu 5 mpaka osakwana 15 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka osakwana 25 amamwa awiri. Mnyamata amene namwino anamuona pa Khirisimasi ali ndi makilogalamu 14 akhoza kukhala atafika 16, ndipo piritsi limodzi likhala lochepa.

Koma chifukwa chachikulu, mmene ndikuonera ine, n'chakuti mbali yoduka si mbali wamba. Anthu tikamafotokoza vuto timayamba ndi zodziwika, n'kusungira kumapeto chimene chikutivutitsa: "koma akusanza chilichonse", "koma wakomoka kamodzi", "koma ndamupatsa kale kawiri". Ndipo mayi amene mwana wake wangotentha thupi monga mwa masiku onse nthawi zambiri salemba uthenga usiku, amadziwa kale chochita. Amene walemba ndi amene waona chachilendo. Choncho kudzaza mpata ndi zimene zimachitika kawirikawiri n'kuika chinthu wamba pamalo enieni pamene wofunsa anaika chachilendo chake.

Wofunsayo akalandira yankho losagwirizana ndi vuto lake, sangazindikire yekha?

Apa ndi pamene ngozi imabisala kwambiri. Pafoni ya mng'ono uja, uthenga ukhoza kuoneka wathunthu, chifukwa kwa iye unachoka wonse. Ngati anaudula yekha mwangozi, ali ndi khanda lolira m'manja, sabwereranso kukauwerenga. Iye akudziwa kuti wanena za masabata 6 ndi za kusayamwa. Ndiye akalandira yankho loti "mupatse mamililita 7.5, mawa upite naye", amamva kuti achemwali ake, amene ndi namwino, aona zonsezo ndipo aona kuti n'zosadetsa nkhawa. Mantha amene akanamudzutsa kukafuna njinga yamoto usiku womwewo aphwa.

Wofunsa akhulupirira kuti woyankha wamva zonse, woyankha akhulupirira kuti wofunsa wanena zonse, ndipo palibe amene ali ndi zidutswa ziwirizo pamodzi kuti aone kuti sizikulumikizana. Komanso munthu amafunsa chifukwa sadziwa. Akanadziwa kuti mamililita 7.5 ndi ochuluka kwa khanda, sakanafunsa. Kuyembekezera kuti iyeyo ndiye agwire cholakwacho n'kumusenzetsa ntchito imene anabwera nayo kwa ife.

Yankho lopanda mawu oti "ngati" limabisa zonsezi. Namwino akanangolemba kuti "ngati ndi mnyamata uja wa zaka 3", mayiyo akanadzidzimuka nthawi yomweyo n'kuyankha kuti ayi, ndi khanda.

Kodi odziwa ntchito yawo si otetezeka ku vutoli?

Ayi, ndipo m'njira ina iwo ndi amene ali pafupi nalo. Wophunzira kumene akaona uthenga woduka amaima, chifukwa alibe chodzazira mpata. Amene waona ana mazanamazana otentha thupi ali ndi nkhani zambiri zokonzeka kale m'mutu, ndipo mawu atatu oyamba amakwanira kudzutsa imodzi. Luso lomwelo limene limamuthandiza kuzindikira matenda msanga ndi limene limamumalizira chiganizo cha wina.

Nthawi zina si foni imene imadula funso, ndi woyankha mwini. Mu 1984, ofufuza awiri a ku America, Howard Beckman ndi Richard Frankel, anamvetsera zokambirana 74 za odwala ndi madokotala. Anapeza kuti odwala ankadulidwa mawu patangopita masekondi pafupifupi 18 chiyambireni kufotokoza, ndipo amene anafika kumapeto kwa zimene anabwera nazo anali osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi. Dokotala akangomva dandaulo loyamba ankalitenga ngati ndilo lalikulu n'kuyamba kulifufuza, pamene loyamba kutchulidwa silikhala lalikulu nthawi zonse. Pa mzere wautali wa kuchipatala, munthu mmodzi akuona odwala ochuluka, chiyeso chimenechi chimakula. Sindikunena izi ponyoza ogwira ntchito otopa. Ndikunena chifukwa kutopa ndi changu ndi zimene zimachititsa nkhani yoyamba kubwera m'mutu kuoneka ngati yokhayo.

Palinso manyazi. Munthu wolemekezeka pa banja, amene aliyense amathamangira kwa iye, amaona ngati kufunsa kuti "mwana uti?" kumuchepetsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pa nkhani ngati iyi amene amadya phulalo si wosafunsayo, ndi mwana wa masabata 6.

Ndingadziwe bwanji kuti funso limene ndalandira laduka?

Poyamba yang'anani mawu omaliza, osati oyamba. Uthenga wothera pa "ndi", "koma", "chifukwa", "kupatula" kapena "ngakhale" ukulonjeza china chimene sichinafike. Nambala yopanda dzina la chinthu chowerengedwa ndi chizindikiro china: "wamwa 2" akhoza kukhala mapiritsi, masupuni kapena maulendo. Onaninso ngati munthu akutchulidwa popanda kunena kuti ndi ndani, monga "mwana" m'nyumba ya ana angapo, kapena ngati uthenga ukunena za chithunzi chimene simunachilandire.

Koma mafunso ambiri oduka alibe chilema chooneka. Akhoza kuthera pa mpumiro bwinobwino, chiganizo chachiwiri chonse chitasowa. Njira imene imagwira ngakhale pamenepo ndi yoyang'ana yankho lanu lomwe. Musanatumize, tengani mfundo iliyonse imene mwaimangira yankho, n'kuiloza ndi chala mu uthengawo. Makilogalamu 14 alembedwa pati? Mphamvu ya botolo yalembedwa pati? Chimene chala chanu chalephera kupeza chachokera kwa inu. Namwino uja akanachita izi akanapeza kuti mwa zinthu zonse zimene anagwiritsa ntchito, zolembedwa zinali ziwiri zokha: kutentha thupi ndi mayina a mankhwala.

Ndiye tisamayankhe funso lililonse limene likusowa kanthu?

Zimenezo sizingatheke, chifukwa palibe funso lathunthu. Wina akafunsa kuti chipatala cha boma chili mbali iti, simumufunsa zaka zake. Muyeso wake ndi uwu: sinthani m'maganizo mbali yosowayo, muone ngati yankho likusintha. Ikani pamenepo zinthu ziwiri kapena zitatu zosiyana kwambiri. "Ali ndi zaka 3", "ali ndi masabata 6", "ali ndi khosi louma". Ngati yankho likukhalabe lomwelo, yankhani. Ngati likuchoka pa "mupatse panado" kufika pa "nyamuka pompano", mpatawo si wodzaza ndi maganizo anu.

Kenako dzifunseni kuti mukalakwa chionongeke n'chiyani, ndipo cholakwacho chioneka liti. Mukalozera munthu msewu wolakwika adzazindikira pamphambano yotsatira n'kubwerera. Mankhwala akamezedwa sabwezedwa.

Nanga wofunsayo akapanda kupezeka, foni yake itazima?

Kukhala chete si yankho, chifukwa mayiyo akangoona kuti simukuyankha adzapatsa mwana mlingo wongoganizira yekha. Lembani yankho limene adzalipeza foni ikayaka, koma likhale ndi dongosolo ili: nenani poyamba kuti uthenga waduka ndi pamene wadukira, kenako nenani chochita pa vuto loopsa kwambiri, kenako funsani zochepa zimene zikusintha yankho. Namwino akanatha kulemba chonchi:

"Uthenga wako wathera pa 'ali ndi', zotsatira sindinazione. Ngati ndi khanda, usalipatse mankhwala alionse, pita nalo kuchipatala pompano. Ngati ndi mkuluyo koma wakomoka, akusanza chilichonse, akukanika kumwa kapena wafookeratu, pitanso pompano. Ngati palibe zimenezi, ndiuze kulemera kwake kumene kunalembedwa komaliza m'buku la kusikelo, ndi manambala amene ali pabotolo la panado. LA usamupatse asanayezedwe."

Onani kuti m'yankholi mulibe mlingo wa mankhwala. Zimenezi n'zadala. Munthu wamantha akaona nambala amagwira nambalayo n'kulumpha mawu oti "ngati". Pamene nthambi zonse zili zosaopsa, mukhoza kupereka yankho la nthambi iliyonse. Pamene imodzi ingavulaze, nambala idikire kaye. Onaninso kuti mafunso ndi awiri okha. Kufunsa zinthu khumi kumatopetsa wofunsa ndipo amayankha zitatu zoyamba, mwina osati zofunikazo. Ndipo kubwereza mawu omaliza amene mwalandira kumathandiza kuposa kungoti "fotokoza bwino", chifukwa kumamuonetsa mwini wake pamene ayenera kupitirizira.

Bwanji ngati yankho latumizidwa kale, kenako chidutswa chotsala n'kufika?

Choyamba ndi kuimba foni, osati kulembanso uthenga, chifukwa uthenga wachiwiri ukhoza kudukanso kapena kuwerengedwa m'mawa. Foni ikapanda kulowa, imbirani woyandikana naye nyumba kapena wachibale amene angafikeko ndi miyendo. Yambani ndi kufafaniza yankho loyamba m'mawu osazungulira: "Zija ndalemba zija usazitsate, ndimaganiza kuti ukunena mkuluyo." Mukangowonjezera malangizo atsopano osafafaniza akale, wolandira amayesa kutsata onse awiri.

Kenako funsani zimene zachitika kale: mwana wamwa chiyani, wochuluka bwanji, kangati, nthawi yanji, ndipo anayezera chiyani, chifukwa kachikho koyezera ndi supuni yodyera phala sizitenga mofanana. Pa panado mfundo zimenezi n'zofunika kwambiri. Mwana amene wamwa wochuluka akhoza kuoneka bwinobwino tsiku loyamba, mwina kungosanza pang'ono, pamene chiwindi chimayamba kuonetsa kuonongeka pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Mankhwala oletsa poizoniyu amagwira bwino akaperekedwa m'maola 8 oyamba. Choncho mayiyo akanena kuti "koma akuoneka bwino, wagona", zimenezo sizikusintha kanthu. Anyamule khanda, botolo la panado, chimene anayezera ndi buku la kusikelo, ndipo akafika kuchipatala anene nthawi yeniyeni imene mwana anamwa.